Kalimba, bangwe kapena kiyibodi? Ndikufunafuna choimbira chimene ndinkamva usiku ndili mwana

NaBanda wa ku Kapata

Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi funso limene ena angalione ngati lachibwana, koma landisowetsa mtendere sabata yathunthu. M'chaka cha 1986, ndili ndi zaka 9, ndinakakhala kwa agogo anga aakazi pa tchuthi cha mu Ogasiti, m'mudzi wina wa pakati pa Sinda ndi Petauke. Pafupifupi usiku uliwonse, ife titagona kale pamphasa, kunjira ya kuseri kwa nyumba kunkadutsa munthu akuliza chinthu chimene sindinachionepo ndi maso. Mawu ake anali ngati madontho a mvula akugwera m'ndowa yachitsulo, limodzilimodzi koma mofulumira, ndipo pansi pa madonthowo pankamveka kanthu kolira ngati nyenje. Munthuyo ankang'ung'udza nyimbo chapansipansi, ndipo ng'oma panalibe.

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi yopita ku Mwami, ndipo nyimbo ina imene dalaivala anaika inayamba ndi mawu ofanana kwambiri ndi amenewo, mpaka tsitsi linandiima. Ndinachita manyazi kufunsa. Tsono ndikupempha zinthu ziwiri kwa odziwa: dzina la choimbira chija, ndiponso nyimbo zimene ndingachimvemo.

Mwale wa Kiyibodi

Amai, ine ndimaliza kiyibodi kutchalitchi kwa zaka 12 tsopano, ndipo zimene mwafotokozazo ndi marimba basi. Pa kiyibodi iliyonse pali mawu a marimba, ndipo oimba athu a masiku ano amawakonda kwambiri poyambira nyimbo. Kumudziko mwina kunali mangolongondo, aja ana amayala mitengo pa nthochi n'kumaimenya poinga anyani kumunda.

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

Zikomo NaBanda chifukwa cha funso limeneli, landikumbutsa unyamata. A Mwale, musafulumire, chifukwa m'mawu a amaiwa muli mfundo imodzi imene ikukana marimba ndi mangolongondo nthawi imodzi. Iwo akuti munthuyo ankadutsa kunjira. Mangolongondo sayenda, amayalidwa pansi ndipo kawirikawiri amafuna anthu awiri okhala moyang'anana. Silimba ya Alozi nayo ndi yaikulu, ili ndi zikho zolendewera pansi pa mtengo uliwonse, ndipo palibe amene angaiimbe akuyenda yekha mumdima.

NaBanda, ndisananene maganizo anga, ndiyankheni mafunso atatu awa, ndipo musayankhe zimene mukuganiza kuti ine ndikufuna kumva. Kodi dontho lililonse likalira linkafa pompo, kapena linkapitirira kulira pang'ono mpaka linzake kulipeza? Kodi nyenje ija inkalira kosalekeza, kapena inkabwera ndi madontho ena okha? Ndipo kodi munamvapo mawu ambiri akugwa pamodzi ngati munthu wakwapula nsambo zonse za gitala kamodzi?

NaBanda wa ku Kapata

A Tembo, ndagona nawo mafunso anuwo. Dontho silinkafa pompo, linkapitirira pang'ono, moti nthawi zina ndinkaganiza kuti oliza ndi awiri, wina wa mawu aang'ono ndi wina wa mawu aakulu, koma mapazi amene ndinkamva anali a munthu mmodzi. Nyenje ija inkamveka kwambiri pa mawu aakulu, ndipo pa aang'ono inkangotsala pang'ono kuzimirira. Za kukwapula nsambo zonse pamodzi, ayi, sindikukumbukira zimenezo. Palinso china chimene ndakumbukira usiku wathawu: mawuwo nthawi zina ankatseguka ndi kutsekeka, ngati mwana amene akuimba kwinaku akuika dzanja pakamwa n'kulichotsa.

A Jere, Mtenguleni

Ngati mukufunsa za Kalimba, limenelo linali gulu loimba la ku Malawi, ndipo tinkalimva kwambiri pa wailesi ya kumeneko m'zaka za m'ma 1980, chifukwa kuno kwathu inkagwira bwino kuposa ya ku Lusaka. Nyimbo yawo yotchuka inali Sometimes I Wonder. Mwina ndi imene munamva m'basimo, pakuti madalaivala a njira ya ku Mwami amakonda nyimbo za ku Malawi.

Amake Dalitso, Chadiza

A Jere, amaiwa sakufunsa za gulu, akufunsa za chipangizo, ndipo gulu lija linkaimba ndi magitala ngakhale linatenga dzina limenelo.

Ine ndikuona kuti bangwe simunamuganizire mokwanira. Malemu bambo anga aang'ono, amene anali osaona, ankaliza bangwe kuno ku Chadiza, ndipo ndinakula ndikumumva tsiku ndi tsiku. Linali thabwa lalitali ngati mkono, waya mmodzi atamuzunguliza kupita uku ndi kubwerera mpaka kukhala nsambo zisanu ndi ziwiri, ndipo pansi pa nsambo iliyonse panali kamtengo kochunira. Mutu wa thabwalo ankaulowetsa m'chitini cha mafuta, ndipo pachitinipo anakhomerapo zitsekerero za mabotolo zimene zinkachita phokoso nthawi yonse imene iwo akuliza. Nyenje ya NaBanda ikhoza kukhala imeneyo. Mpaka lero ndikamva chitini chopanda kanthu chikugwa ndimawakumbukira, koma imeneyo ndi nkhani ina.

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

Amake Dalitso, mwachita bwino kwambiri kumutchula bangwe, chifukwa ndiye yekha amene angapikisane ndi chimene ndikuganiza, ndipo n'chifukwa chake ndinafunsa funso lachitatu lija. Oliza bangwe ambiri amagwira nsambo zina ndi zala za dzanja limodzi kuti zisalire, kwinaku dzanja linalo likukwapula zotsalazo, ndipo chimene chimamveka ndi mawu angapo akugwa pamodzi. Alipo ena amene amatola nsambo imodziimodzi, choncho sindinganene kuti bangwe watuluka m'bwalo ndi funso limenelo lokha. Chimene chikumutulutsa ndi kutseguka ndi kutsekeka kuja, pamodzi ndi nyenje imene imasankha mawu. Zitsekerero za mabotolo sizisankha, zimangoti tseketseke pa chilichonse.

NaBanda, ine ndikukhulupirira kuti munkamva kalimba ya Chinsenga, ndipo ndifotokoza mmene tinkaipangira kuti muone mmene chilichonse chimene mwakumbukira chikulowera m'malo mwake. Tinkatenga kathabwa ka mlombwa kokwana m'manja awiri, kakang'ono kuposa buku la nyimbo za kutchalitchi. Tizitsulo tinkasula kuchokera ku masipoko a njinga kapena nthiti za ambulera yakutha, kuwotcha pamoto ndi kuphwatalitsa nsonga yake ndi nyundo pamwala. Tinkatimanga pathabwapo ndi waya, tizitsulo 13 kapena 14, ndipo pochuna tinkangokankha kachitsulo: kakatalika kumbali yolizira mawu amatsika, kakafupika amakwera. Zala zazikulu ziwiri ndizo zimaliza, chamanja ndi chamanzere mosinthana, ndipo popeza kachitsulo kamapitirira kulira chala chitachoka kale, khutu limamva ngati oliza ndi awiri. Umenewo ndi umboni wanu woyamba.

Pakati pa kathabwako tinkaboola kabowo, ndipo pakabowopo tinkamatapo kachikopa koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma la nyumba. Tinkakasenda mosamala ndi mpeni, chifukwa kakang'ambika ngakhale pang'ono sikalira. Kachikopa kameneka ndiye nyenje yanu. Kamanjenjemera ndi mpweya, ndipo mawu aakulu ndi amene amakankha mpweya wochuluka, n'chifukwa chake munkakamva kwambiri pa iwo. Pansi pa thabwa tinkagwirizira kachikho kouma kodulidwa pakamwa, komangidwa ndi kachingwe kolobodoka, ndipo woliza akamasendeza chikhocho kufupi ndi thabwa n'kuchitalikitsanso ndi zala zotsala, mawu amatseguka ndi kutsekeka monga mwana wanu wa dzanja pakamwa uja.

Kuyenda usiku nakonso kukugwirizana. Kalimba siinali ya pabwalo la gule ayi. Inali ya anyamata, poyenda ulendo wautali wapansi, poweta ng'ombe, kapena pochokera kwa chibwenzi kumudzi wina, kuti mtima ulimbe podutsa pafupi ndi manda. Katswiri wina wa nyimbo, John Blacking, anabwera kuno ku Petauke mu 1961 n'kulemba zomwezi, kuti anyamata a Chinsenga amaliza kalimba akamayenda kapena akakhala okha. Iye anaonanso chinthu chimene ife tinkachichita osachitchula, kuti nyimbo zambiri za kalimba zimabadwa m'kayendedwe ka zala ziwirizo, ndipo mawu a pakamwa amabwera pambuyo kudzatsatira zimene zala zapeza kale.

Mwale wa Kiyibodi

A Tembo, ndagonja pa marimba, mfundo ya kuyenda ija sindinaiganizire. Koma ndiloleni ndiwonjezere chinthu chimene ndinaphunzira pamene ndinkavutika kuchuna kalimba ya mwana wa mlongo wanga ndi pulogalamu ya pafoni yochunira gitala. Singano ya pulogalamuyo inkalumpha kaye m'mwamba kachitsulo kakangolira, kenaka n'kudzakhazikika. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chilichonse cholira sichitulutsa liwu limodzi, pamwamba pa liwu lenileni pamakhala timawu tina tating'ono. Nsambo ikamanjenjemera ka 300 pa sekondi imodzi, timawu take tapamwamba timakhala pa 600, 900 ndi kupitirira motero, ndipo timagwirizana bwino ndi liwu lenilenilo, moti khutu limamva chinthu chimodzi chodzaza. Kachitsulo komangidwa mbali imodzi sikatero. Kakamanjenjemera ka 300, liwu lotsatira limalumphira kufupi ndi 1,900, kupitirira kasanu ndi kamodzi, ndipo siligwirizana ndi lapansilo. Limangoti ngwe n'kufa msanga, n'kusiya liwu lapansi lofewa likupitirira lokha. Dontho logwera m'ndowa limene NaBanda akunena ndi limenelo: kaphokoso kakuthwa koyamba, kenaka liwu losalala. Bangwe sangachite zimenezo chifukwa ndi nsambo.

Tsono popeza kalimba ndi mbira n'chimodzimodzi, amai angofufuza nyimbo za mbira za ku Zimbabwe, zilipo zambirimbiri.

Chikondi, wophunzira ku Lusaka

Anti NaBanda, ndakutumizirani kumbali mavidiyo atatu a anthu akuliza kalimba. Zimagulitsidwanso m'masitolo ena kuno ku Lusaka, za tizitsulo 17, zina zili ndi zilembo pa kachitsulo kalikonse kuti munthu aphunzire msanga. Mumvetsere mutiuze ngati ndi imeneyo.

NaBanda wa ku Kapata

Zikomo mwanawe Chikondi, ndamvetsera onse atatu kawirikawiri. Ndikuopa kukhumudwitsa a Tembo amene alemba zambiri chonchi, koma si imeneyo. Dontho lija lilipo ndithu, koma izi zikulira mwaukhondo kwambiri, ngati kabokosi koimba kogonekera khanda, ndipo nyimbo zake zikumveka ngati za m'buku la kutchalitchi. Nyenje mulibe, ndipo mawu a kumudzi aja anali ndi kupotoka kwina kumene sinditha kukulongosola. Kodi mwina sichinali kalimba?

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

Simunandikhumudwitse amai, mwandilimbitsa mtima, chifukwa mukanati ndi imeneyo ndikanakayikira khutu lanu. Kalimba ya m'sitolo ndi mdzukulu wa yathu, koma analeredwa kwina. Hugh Tracey, Mngelezi amene anayendayenda m'maiko athu ano akujambula nyimbo za m'midzi, anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbozo ku South Africa mu 1954, ndipo m'zaka zomwezo anayamba kupanga choimbira chake chogulitsa kunja. Dzina anatenga lathu lino la kalimba, thabwa anagwiritsa la mlombwa womwewu, koma anachichuna pa do re mi ya Azungu, tizitsulo tatitali pakati, mawu akukwera mosinthana kumanja ndi kumanzere, ndipo nyenje anaichotsa. Za tizitsulo 17 zimene Chikondi akuziona zikutsata kapangidwe kameneko. Kupotoka kumene mukulephera kukulongosola ndi kachunidwe. Ife tinalibe chochunira, tinkachuna ndi khutu potengera kalimba ya mkulu wathu kapena ya mnzathu, ndipo mipata ya pakati pa mawu siinkagwera pa makiyi a kiyibodi ya a Mwale.

Pamenepa ndi pamene ndisiyanenso ndi a Mwale. Zonena zawo za timawu tapamwamba ndi zoona, ine ndaphunziraponso kanthu. Koma kalimba ndi mbira si chimodzi, ngakhale ndi pachibale. Mbira yaikulu ya Ashona, imene amaitcha mbira dzavadzimu, imakhala ndi tizitsulo 22 mpaka 28 tonenepa, imalizidwa ndi zala zazikulu ziwiri pamodzi ndi chala cholozera chamanja chimene chimatola kuchokera pansi, ndipo imaikidwa m'chikho chachikulu chokhala ndi zitsekerero kapena zigoba. Imalira mozama, kawirikawiri ziwiri pamodzi ndi maseche, pa miyambo ya mizimu. NaBanda akaimva adzatiuzanso kuti si imeneyo. Imene ili pafupi ndi yathu ndi ya tizitsulo 15 yotchedwa nyunga nyunga kapena karimba, imene malemu Chiwoniso Maraire ankaliza. Imeneyo inafika ku Bulawayo cha m'ma 1960 ndi Jeke Tapera kuchokera kudera la Tete, ndipo Tete si kutali ndi ife, ndi kungodutsa pa Chanida kuchokera ku Katete.

Ngati mukufuna kumva chinthu chofanana kwambiri ndi cha 1986, fufuzani chimbale chotchedwa Kalimba & Kalumbu Songs. Muli nyimbo zimene Tracey yemweyo anajambula m'dziko muno mu 1952 ndi 1957, za Alala, Atonga, Alozi ndi ena. Muyambe ndi za Alala, amene ndi anansi athu kutsidya kwa Luangwa, chifukwa kalimba yawo ndi yathu n'zapachibale chenicheni. Muchenjere kuti m'chimbalemo muli zoimbira ziwiri. Kalumbu ndi uta wa nsambo imodzi wokhala ndi chikho chimene woliza amagunditsa pachifuwa, ndipo amaumenya ndi kamtengo. Nawonso umatseguka ndi kutsekeka, koma uli ndi mawu ochepa kwambiri, awiri kapena atatu obwerezabwereza, pamene kalimba imayendayenda.

Chikondi, wophunzira ku Lusaka

Pa funso lachiwiri la nyimbo, ine ndikudziwa ziwiri za kunja. Gulu la ku America la Earth, Wind & Fire lili ndi nyimbo ya mu 1974 yotchedwa Kalimba Story, ndipo mtsogoleri wawo Maurice White ankaliza yekha kalimba, ngakhale pa siteji. Ina ndi Africa ya gulu la Toto, ya mu 1982, imene aliyense anaimvapo. Muli kalimba yomveka bwino pakati pa mavesi.

Mwale wa Kiyibodi

Chikondi, yoyambayo wakhoza, ndipo kalimba ya Maurice White inali ya mtundu wa Tracey umene a Tembo afotokoza, yolumikizidwa ku zokuzira mawu, choncho anti ako akamva dontho loyera lija popanda nyenje. Koma pa Toto wagwa m'dzenje limene anthu ambiri amagwamo, ndipo pano ndikulankhula za m'munda mwanga. Mawu onga kalimba a m'nyimbo imeneyo anatuluka m'kiyibodi ya Yamaha yotchedwa GS-1, ndipo mulinso marimba enieni. Kalimba ya m'manja si imene ukumvayo.

Kusiyanitsa kwake sikovuta munthu akadziwa poyang'ana. Sankhani liwu limodzi limene likubwerezedwa, ndipo mulitsate lokhalo. Pa kalimba yeniyeni liwulo silibwera chimodzimodzi kawiri, chifukwa chikhadabo nthawi ina chimagwira kunsonga, nthawi ina pambali, ndipo mumamva kukhula kwa chala pachitsulo. Tizitsulo natonso sitilingana: kena kamalira nthawi yaitali, kena kakufupi ndi m'mphepete mwa thabwa kamafa msanga. Pa kiyibodi mawu onse amabadwa ndi kufa mofanana ngati mabisiketi a m'paketi imodzi. Chinanso, kalimba ili ndi mawu owerengeka, ndipo nyimbo ikakwera kiyi pakati monga zimachitira makwaya athu pa vesi lomaliza, woliza kalimba sangaitsatire popanda kuima kuti achunenso. Mukamva dontho lija lakwera limodzi ndi oimba onse osapumira, dziwani kuti ndi mnzanga wa kiyibodi.

Amake Dalitso, Chadiza

Nanga nyimbo za Thomas Mapfumo? Amuna anga ankazikonda pamene ankayendetsa malole njira ya ku Chirundu, ndipo ankati zonsezo ndi mbira.

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

Bambo a Dalitso ananena zoona mbali imodzi. Nyimbo zambiri za Mapfumo zinachokeradi ku mbira, koma pa zimene anajambula m'zaka za m'ma 1970 chimene mukumva ndi gitala yotsanzira mbira. Jonah Sithole ndi mmodzi mwa amene anatchuka ndi kalizidwe kameneko. Woliza amagoneka m'mphepete mwa chikhatho pa nsambo pafupi ndi pamene zamangidwira kuti zisalire nthawi yaitali, n'kumatola imodziimodzi. Mbira zenizeni zinalowa m'gulu lake pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira pamenepo mumamva zonse ziwiri pamodzi. Gitala yotere imadziwika chifukwa liwu lake ndi logontha, limati du du du n'kufa, pamene chitsulo chimati ngwe n'kutsala chikulira. Nthawi zinanso chala chimatsetsereka pansambo liwu n'kukwera chokwawa, chimene kachitsulo sikangachite.

Choncho NaBanda, nyimbo ya m'basi ikhoza kukhala chimodzi mwa zitatu: chitsulo chenicheni, gitala yogwidwa pakhosi, kapena kiyibodi. Popanda kuimva sitingaweruze, ndipo kutchula maina a nyimbo mwachisawawa kungokutayitsani mabandulo. Kodi basiyo mungaizindikire?

NaBanda wa ku Kapata

Ndakhala chete masiku anayi chifukwa ndinali pa ntchito imene munandipatsa. Basi ndinaipeza Loweruka m'mawa pa siteshoni, ndinaizindikira ndi galasi lakumbuyo losweka limene anamata ndi tepi. Kondakitala poyamba anaganiza kuti ndinaiwalamo katundu, ndipo nditamufotokozera anaseka mpaka kuitana anzake. Dalaivala anali munthu waulemu, anazula fulashi pa wailesi n'kundiuza kuti muli nyimbo zoposa 400 zimene anamuikira mnyamata wina wa pamsika, ndipo zambiri zilibe maina. Tinakhala pampando wakutsogolo basi ikudikira kudzaza, iye akudumphitsa nyimbo imodziimodzi, masekondi atatu iliyonse, mpaka tinaipeza. Pa galasi la wailesi panangolembedwa Track 07. Ndinaijambula ndi foni ndipo ndatumiza kwa a Mwale ndi a Tembo. Ndi nyimbo yauzimu, ya kwaya ya amai, m'Chichewa chomveka cha ku Malawi.

Chimbale chimene a Tembo ananena ndachimvanso. Pa nyimbo za Alala ndinaika foni pansi n'kukhala kaye chete, chifukwa nyenje ija inalipo, ndi kung'ung'udza kwa munthu woimbira yekha. Si nyimbo yeniyeni imene ndinkamva, koma mawu ake ndi a nyumba imodzi.

Mwale wa Kiyibodi

Amai, ndamvetsera Track 07 ndi zomvera za m'makutu kasanu. Pepani, koma ndi kiyibodi. Mawu asanu ndi atatu oyamba amabwerezedwa kanayi popanda kusiyana ngakhale pang'ono, ndipo cha kumapeto kwaya ikakwera kiyi, madonthowo akukwera nayo nthawi yomweyo. Chimene chinakunamizani ngati nyenje ndikuganiza kuti ndi sipika ya m'chitseko cha basi, chifukwa m'kujambula kwanu ikunjenjemera pa mawu onse aakulu, ngakhale pa besi ndi pa mawu a dalaivala wa basi ina amene akuliza hutala. Sipika yong'ambika imachita ntchito yomweyo imene kachikopa ka kangaude kamachita.

A Jere, Mtenguleni

Ndiye kuti sindinalakwe kwenikweni, nyimboyo ndi ya ku Malawi ndithu.

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

A Jere, mbali imeneyo tikupatsani. Ine pa kiyibodi ndikuvomerezana ndi a Mwale, ngakhale pa sipika sindinamve bwino chifukwa foni yanga nayo ndi yong'ambika mawu. Dzina la kwayayo lisakuvuteni NaBanda, mukaseweretse kachidutswako kwa anyamata oika nyimbo pa msika wa Kapata kapena kwa amai a kwaya kutchalitchi kwanu, mmodzi wa iwo aidziwa.

NaBanda wa ku Kapata

Pali chatsopano chimene chasokoneza pang'ono zimene tinagwirizana. Dzulo ndinaimbira foni azakhali anga, amene akali kumudzi kuja ndipo ali ndi zaka zoposa 80. Nditangoyamba kufotokoza anandidula, nati munthuyo akumukumbukira bwino, koma sanali mnyamata. Anali bambo wachikulire wa mudzi woyandikana, amene ankaitanidwa pa mowa wa dima kukasangalatsa anthu, ndipo usiku ankadutsa kuseri kwa nyumba ya agogo pobwerera kwawo. Ndinawafunsa ngati chinali kalimba, ndipo iwo anati kalimba n'cha ana oweta mbuzi, chija chinali ndimba. Mdzukulu wawo amene anagwira foni anati ndi chinthu chimodzi, azakhali n'kumukalipira. A Tembo, ndimba n'chiyani?

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

Azakhali anu andigwira pamene ndinadumpha, ndipo mukawapepesere m'malo mwanga. Ansenga tili ndi zoimbira ziwiri za tizitsulo, kalimba ndi ndimba, ndipo Blacking uja anazilemba zonse ziwiri. Ine ndinapanga ndi kuliza kalimba yokha. Ndimba tinkaiona m'manja mwa akuluakulu odziwika ndi luso limenelo, amene ankaimbira anthu osati kudziimbira okha, ndipo mwana sankaloledwa kuigwira wamba. Zimene azakhali anena za bambo woitanidwa pa mowa zikugwirizana ndi ndimba. Zimene inu mwakumbukira, dontho lachitsulo, nyenje ndi oliza awiri m'munthu mmodzi, sizingalekanitse ziwirizi, chifukwa zonse ndi tizitsulo pa thabwa tolizidwa ndi zala zazikulu. Komabe sinditaya kalimba msanga, pakuti munthu wa ndimba anayamba ndi kalimba ali mnyamata, ndipo palibe chomuletsa kuliza kakang'onoko panjira pobwerera kwawo, pamene palibenso womuimbira.

Mukawaimbiranso foni, muwafunse zinthu ziwiri zimene maso awo anaona: kukula kwa chikho chimene bamboyo ankanyamula, ndiponso ngati pabanja lake pali amene anasunga chipangizocho. Zinthu zimenezi kawirikawiri zimapezeka zitatsomekedwa kudenga la khitchini, zakuda ndi mwaye, tizitsulo tili ndi dzimbiri koma tikadali m'malo mwake, ndipo tikhoza kuwerenga ndi kuona mmene tinayalidwira.

Amake Dalitso, Chadiza

Bangwe wa bambo anga aang'ono tinamupeza chimodzimodzi, koma waya anali atachotsedwa kale ndi ana kukapangira misampha ya mbewa. Mufulumire NaBanda.

NaBanda wa ku Kapata

Azakhali akuti chikhocho sakuchikumbukira kukula kwake, chifukwa bamboyo ankachibisa m'jekete kukazizira. Mwana wake wamkazi anakwatiwa cha ku Nyimba, ndipo mdzukulu uja walonjeza kufunsa nambala yake kutchalitchi Lamulungu likudzali. Ine ndipita kumudzi kumapeto kwa mwezi ndikalandira malipiro. A Tembo, ngati manja anu akadali ndi mphamvu, masipoko ndikhoza kugula kwa okonza njinga kuno ku Kapata n'kukusiyirani podutsa.

A Tembo, mphunzitsi wopuma, Petauke

Mugule a njinga zakale zonyamulira makala, aja onenepa, chifukwa a njinga zatsopano ndi ofewa ndipo salira. Mubweretse 20, pakuti ena adzasweka posula. Kathabwa ka mlombwa ndili nako ndipo chikho ndipempha kwa anansi. Chimene chindivute ndi kangaude, popeza nyumba yanga ndi ya malata ndi pulasitala, koma ndauza adzukulu kuti akayang'ane m'makoma a nkhokwe ndi kukhola la mbuzi.